Nyali yolembedwa maola 8 ikuthima nsima isanapse

"Ndili ndi okala ku Chibavi. Zaka ziwiri zapitazo ndinagula nyali yotchaja, ija imayaka yokha magetsi akathima. Pakatoni analemba kuti imakhala maola 8, ndipo poyamba inkayesetsa. Pano ola silikwana. Imakhala pasoketi nthawi zonse ndipo kababu kofiira kamayaka bwinobwino. Ndigule batire lina, kapena ndingoitaya?"

Mayi, kalata yanuyi yanditosa pachilonda. Kababu kofiira mukunenako kanandidyera ndalama za mabatire awiri, ndipo mpaka lero ndikakaona kakuwala pakhoma ndimakayang'ana ngati munthu amene anandinamiza pamaso pa apongozi.

Munali mu 2022, namondwe Ana atawononga ku Kapichira mu Januwale, dziko lonse likugawana magetsi ochepa amene anatsala. Kwathu ku Luwinga, mu Mzuzu, tinkadziwa kuti akabwera usiku pakati, pofika m'mawa apita. Mwana wanga wamkazi anali mu Sitandade 8, ndiye nyali inali yake: akamaliza kutsuka mbale, ankaiika patebulo n'kutsegula makope. Tsiku lina ndinamupeza akuwerenga ndi kandulo atafunda bulangete, nyali ili pambali ngati chokongoletsera. Ndinamukalipira. Ndinati amaiwala kuitchaja, kapena amaisiya ikuyaka masana. Mwanayo sanayankhe, anangoloza pasoketi pamene kababu kanali kakuwala usiku wonse wadzulo lake. Mawu oti pepani sindinawanene tsikulo, ndinadzawanena patapita miyezi itatu.

M'mawa mwake ndinatsegula nyaliyo n'kupezamo batire la mtovu lakuda lamakona, lolembedwa 6V 4.5Ah, 4.5Ah kutanthauza kuchuluka kwa moto umene limasunga. Ndinapita nalo mtauni, n'kugula lina lofanana nalo. Sabata yoyamba zinthu zinayenda, chifukwa batire latsopanolo linabwera ndi moto wake wa kufakitale. Sabata yachitatu tinabwerera pomwe paja. Ndinatukwana wogulitsa mumtima, ndinati wandipatsa lakugwa, n'kukagula lachiwiri pashopu ina. Nalonso linafa imfa yomweyo. Mayi a kunyumba anangoti, "Bambo a mwana, ndalama zimenezi bwenzi titagula makandulo a chaka chonse," ndipo masamu awo sanali olakwika kwenikweni.

Amene ananditsegula maso ndi mdala wina wokonza mawailesi pafupi ndi msika waukulu, amene benchi yake imadzaza ndi zinthu zimene ena anazitaya. Sanafunse za batire n'komwe. Anakoleka mita yake yoyezera magetsi pakati pa waya ndi batire, n'kubaya pulagi, manja ali kumbuyo. Mita inawerenga 0.05A, ndiwo moto umene unkalowa m'batire. Anati, "Achimwene, chitsime chanu chikudontha madontho, inu mukusintha ndowa." Kenaka anandiwerengera ndi cholembera pachikatoni: batire la 4.5Ah, ukaligawa ndi 0.05A, likufuna maola 90 kuti lidzaze kuchoka pansi. Ndi masiku pafupifupi anayi magetsi osaphethira. Ife tinkawaona maola asanu kapena asanu ndi limodzi. Choncho usiku uliwonse nyali inkachotsa zambiri kuposa zimene zinkalowa, ndipo batire linkagona ndi njala mpaka kufa.

Cholakwa chinali kapasita, kanthu kofiirira ngati switi kamene kali pafupi ndi pamene waya wa magetsi amalowera. Nyali zambiri zotchipa mulibe tchaja yeniyeni. Muli kapasita ameneyu, madayodi anayi ndi tizinthu tina tiwiri titatu, basi. Wa m'nyali yanga anali wa 2.2µF, amene akakhala wamoyo amadutsitsa pafupifupi 0.15A pa magetsi athu a 230V. Koma magetsi akamabwera ndi mkokomo pambuyo pa kuthima, kapasita wamtunduwu amapsa pang'onopang'ono m'kati, mphamvu yake n'kumachepa, kunja akuoneka wabwinobwino. Ndipo taonani: ngakhale ali wamoyo, 4.5 kugawa ndi 0.15 ndi maola 30. Ndiye kuti nyaliyo, ili yatsopano, sikanatha kudzaza m'nyengo imene ija. Inapangidwira dziko limene magetsi amathima kamodzi pamwezi.

Nanga kababu kofiira? Pa nyali zambiri zamtunduwu kamangolumikizidwa kumbali ya magetsi olowa. Kamanena kuti pasoketi pali moto. Sikadziwa ngati motowo ukufika kubatire, ndipo mutachotsamo batire lonse kangathe kuyakabe. Ine ndimaona kuti kumeneku n'kupusitsa ogula, ndipo sindisintha maganizo. Chimodzimodzi maola a pakatoni. Nthawi zambiri amawerengera nyali ikuyaka mofooka, batire lili latsopano ndiponso lodzaza. Nayonso 4.5Ah ija imayezedwa pokoka moto pang'onopang'ono kwa maola 20. Mukakoka mwamphamvu simuipeza yonse. Nyali yokoka 0.5A papepala ikhala maola 9, koma m'nyumba muyembekezere ocheperapo, ndipo mu Juni muno Mzuzu akazizira zenizeni batire la mtovu limachita ulesi, ena n'kuchokanso. Kuzizirako sikulipha, kumangolibweza m'mbuyo kwakanthawi. Chimene chimalipha msanga ndi kutentha: nyali yokolekedwa pansi pa malata kapena pamwamba pa filiji imakalamba msanga kuposa ya pakhoma lozizira.

Ndikudziwa kuti ena andilembera kuti bwanji osangogula ya sola, kapena ija ya batire la lifiyamu. Gulani, ndilibe nazo mlandu, inenso ndili nayo imodzi. Koma mukaona batire la lifiyamu la mtundu wa 18650 lolembedwa 9900mAh mudziwe kuti wolembayo anali ndi inki yambiri, chifukwa enieni amalekezera cha m'ma 3500mAh. Mlamu wanga anagula anayi otero, opepuka ngati muli mpweya, ndipo tinakangana Lamulungu lathunthu mpaka ndinatenga sikelo ya mayi a kunyumba yoyezera ufa. Nkhani imeneyo ndi ya tsiku lina.

Zaka za batire

Lanu, mayi, lakwanitsa zaka ziwiri m'manja mwanu, koma msinkhu wake weniweni ndi woposa pamenepo. Linayamba kukalamba lili m'sitima, n'kudzakhalanso pashelefu miyezi imene inu simukuidziwa. Batire la mtovu limataya moto lokha likangokhala, pafupifupi magawo atatu pa 100 alionse pamwezi, ndipo likakhala nthawi yaitali lili lopanda moto, m'kati mwake mumamera timiyala toyera tolimba timene sitisungunukanso. Pamenepo ndiye kuti ndowa yachepa, ngakhale muithire bwanji. Opanga amati mabatire ang'onoang'onowa amakhala zaka zitatu mpaka zisanu, koma akunena batire limene limangodikira lili lodzaza. Limene limatsitsidwa mpaka pansi limapirira maulendo 200 kapena 300 basi. Werengani nokha kuti paokala panu nyali yayaka mpaka kuzilala kangati m'zaka ziwirizi. Ine ndikuganiza kuti batire lanu latha ndithu. Chimene sindikufuna n'chakuti mugule lina musanadziwe ngati linafa ndi ukalamba kapena linaphedwa.

Palinso imfa ina yosiyana ndi ya kwathu, ndipo mawu anu akuti nyali imakhala pasoketi nthawi zonse andichititsa kuikayikira. Tchaja ya kapasita ija sidziwa kuleka. Batire likadzaza imapitirizabe kukankha, madzi a m'kati n'kumauma pang'onopang'ono. Magetsi akakhala masabata angapo osathima, nyali yotero imakhala ikuphika batire lake. Zizindikiro zake n'zoonekeratu mukatsegula: batire lotupa m'mbali, lofunda mukaligwira mutangozula pulagi, kapena ufa woyera kapena wobiriwira pamitu pake. Lotupa musaliyesenso, ndipo musalitaye kudzala kumene ana amatola zoseweretsa, muli mtovu ndi asidi. Perekani kwa ogula mabatire akutha.

Tsono chochita ndi ichi, ndipo mufunika mita yoyezera magetsi kapena m'misiri amene ali nayo. Choyamba chenjezo: pa nyali za kapasita, mitu ya batire ingathe kukugwirani ndi magetsi a pakhoma pulagi ikakhala yobaya, ngakhale batirelo ndi la 6V chabe. Zulani kaye, kolekani mawaya a mita, kenaka bayani osakhudza kanthu m'kati. Ngati zimenezi simunazichitepo, musiyireni m'misiri, koma muime pomwepo muone manambala ndi maso anu.

Itchajeni tsiku limodzi ndi theka ili yozimitsa, izuleni, ipume maola awiri kapena atatu, kenaka yezani pabatire. Lamoyo ndi lodzaza limaonetsa 6.3V kapena 6.4V. Mukapeza cha m'ma 4.2V, chipinda chimodzi mwa zitatu za m'kati chafa, palibenso zokambirana. Likaonetsa bwino, yatsani nyali mwamphamvu mita ili pomwepo: likagwa kufika pansi pa 5.5V m'mphindi zochepa, ndiye lija lodzaza pakamwa pokha. Kenaka tchaja. Pulagi ikabayidwa, nambala iyenera kukwera pang'onopang'ono mpaka cha m'ma 6.8V kufika 7.2V. Ikangoima pomwe inali kwa maola, moto sukufika kapena ukufika wochepa, ndipo apa m'pamene m'misiri ayeze ma A monga anachitira mdala uja, inu mugawe 4.5 ndi nambala imeneyo muone ngati maola otulukawo mumakhala nawo ku Chibavi. Ikapyola 7.5V n'kukhala komweko, mwina tchaja ilibe malire, mwina batire lauma moti silikulandiranso. Kuyesa ndi batire lina labwino ndi kumene kungalekanitse ziwirizi. Ngati m'nyali yanu mwapeza la 4V, manambalawa atsike ndi gawo limodzi mwa atatu.

Pogula latsopano, pitani ndi mita kushopu. Lochepera 6.2V lakhalitsa pashelefu, lisiyeni. Funsani tsiku limene linapangidwa, kawirikawiri amadinda pamwamba ngakhale kalembedwe kake kamasiyana, ndipo linyamuleni m'manja: la 6V 4.5Ah lenileni limalemera magalamu 700 kapena kuposerapo pang'ono. Mukaliika, lembani mwezi ndi chaka pakapepala n'kumata m'kati mwa chivundikiro. Nyali ikayamba kuzilala muziizimitsa osadikira kuti ife yokha, ndipo magetsi akangobwera ibwerere pasoketi tsiku lomwelo.

Yathu ija mdala anaisintha kapasita, mtengo wake wosafika ndi theka la batire limodzi, ndipo ndinagula batire lachitatu. Mwana analemba mayeso ake nyali ikuyaka. Masiku ano magetsi akakhazikika ndimaizula ikatchaja tsiku limodzi ndi theka, n'kumaibayanso pakutha pa mwezi. Ndinamata katepi kakuda pa kababu kofiira kaja.