Kulemera kwa funso kuchokere m'mapepala a ana

"Ndimaphunzitsa zaulimi Fomu 3 ndi 4 pa CDSS ina kuno ku Kasungu. Temu iliyonse ndimayambiranso kupeka mafunso, akale anabalalika m'mafayilo ndi m'mafulashi. Ndingawasunge bwanji pamodzi, ogawidwa bwino, kuti ndizitapamo chaka ndi chaka?"

Aphunzitsi, Excel yomwe ili pa laputopu ya ku ofesi ya ahedi ndi yokwanira. Funso lililonse likhale pa mzere wakewake, ndipo mizati ikhale iyi: nambala ya funso monga `AGR-F3-014`, mutu wake, mtundu wake, funsolo, yankho, malikisi, kulemera kwake, ndi temu yomwe linafunsidwa komaliza. Nambalayo isasinthe ndipo isaperekedwenso kwa funso lina, ngakhale loyambalo mutalichotsa.

Mitu muitenge m'silabasi momwe yalembedwera, osati m'buku lomwe mukuphunzitsira, chifukwa mabuku amasiyana kagawidwe. Mukatero itsekeni ndi Data Validation, musankhe List, kuti munthu azingotola pa mndandanda. Mukasiya poyera, wina alemba `Soil fertility`, wina `Fertilizers`, ndipo tsiku lomwe mudzasefe ndi Filter theka la mafunso silidzaoneka. Zili ngati fodya wa magiredi osakanikirana m'belo limodzi: alimo ndithu, koma ntchito yosankha ibwerezedwa. Mitundu ya mafunso itatu ikukwanirani: osankha yankho, oyankha mwachidule, ndi ofotokoza motalika.

Pomwe ndikufuna muikepo mtima ndi pa kulemera kwa funso. Ife aphunzitsi timaweruza ndi mutu wathu womwe unadziwa kale yankho, n'chifukwa chake lomwe timaliyesa lophweka limagwetsa kalasi. Polemba funso latsopano ikani ganizo lanu, koma mukachonga mapepala, ganizolo lilowedwe m'malo ndi nambala. Tiyerekeze kuti analemba ana 60, ndipo pa tsamba lina la Excel, kuyambira C2 mpaka C61, mwaika 1 kwa wokhoza funsolo ndi 0 kwa wolakwa:

```
=COUNTIF(C2:C61,1)/60
```

Akakhoza 21, mupeza 0.35. Ambiri amatenga kuti kupitirira 0.7 ndi lophweka, kuchepera 0.3 ndi lovuta, zapakatizo ndi zapakati. Pa funso la mayankho anayi kumbukirani kuti ongolota chabe akhoza kufika 0.25, choncho nambala ikayandikira pamenepo musafulumire kunena kuti ana anamvako pang'ono. La malikisi ambiri, gawani avereji ya kalasi ndi malikisi onse: avereji ya 4 pa 10 ndi 0.4.

Koma nambala imeneyi payokha siikuuzani ngati funso ndi lovuta kapena ndi lopindika. Sanjani mapepala kuyambira wokhoza kwambiri, mutenge 16 apamwamba ndi 16 apansi, omwe ndi pafupifupi 27 pa 100 mbali iliyonse. Ngati apamwamba akhoza 12, apansi 2, chotsani mugawe ndi 16, mupeza 0.63. Limenelo ndi funso labwino, likusiyanitsa amene anawerenga ndi amene sanawerenge. Likatsika pansi pa 0.2, liwerengeninso mofatsa.

Tsono taonani ili: "Feteleza wobereketsa ndi uti?" Mayankho ndi NPK, Urea, CAN ndi laimu, ndipo pa pepala lochongera mwaika Urea. Apamwamba akhoza 5, apansi 8. Zotsatira zatsika pansi pa ziro, ndipo mukayang'ana mapepala mupeza kuti anzeru aja asankha CAN. Sanalakwe ayi, mwana wa kuno amaona makolo ake akuthira CAN m'munda wa fodya. Funsolo lili ndi mayankho olondola awiri. Mukanangoona kulemera kwake kokha, tinene 0.35, mukanalilemba "lapakati" n'kumalangira nalo ana chaka chilichonse. Chotsani CAN, muike feteleza wina wokulitsa, lipatseni nambala yatsopano, ndipo kulemera kwake kuyesedwe mwatsopano. Chimodzimodzi mukasintha manambala a funso lowerengetsera, lasanduka funso lina.

Sikuti muchite izi pa mayeso alionse, nthawi ingachepe. Yambani ndi a kumapeto kwa temu kapena a moko, musanabweze mapepala kwa ana. Pambali pa nambala ya kulemerayo lembani kalasi ndi chaka, chifukwa 0.6 ya ana a Fomu 4 omwe akukonzekera MSCE si yofanana ndi 0.6 ya Fomu 3 temu yoyamba. Funso likayesedwa kawiri kapena katatu m'pomwe mungalikhulupirire.

Pa zobwereza, mapepala akale amayenda: mkulu amasiyira mng'ono wake, a Fomu 4 amabwereketsa a Fomu 3. Ine ndingati funso lipume zaka ziwiri lisanabwerenso. Lomwe linali 0.4 likadumpha n'kufika 0.9 pomwe kaphunzitsidwe sikanasinthe, dziwani kuti ana analiona kale, lisamutsireni ku mafunso oyeserera m'kalasi. Mafunso a MANEB muwaikire chizindikiro chawo ndi chaka chake, poti amenewo ana ambiri ali nawo kale.

Fayiloyo muitseke ndi pasiwedi, ndipo temu ikatha muzidzitumizira pa imelo, chifukwa fulashi yomwe imalowa m'kompyuta za kumalo osindikizira mapepala imabwerako ndi mavairasi.