Masekondi 40 kuti agogo asanduke namwino

"Ndine mphunzitsi, ndipo andisiyira ntchito yokonza zovala za sewero la ana athu. Ana alipo 9 koma anthu a m'sewero ndi 17, ndiye ambiri akusewera mbali ziwiri kapena zitatu. Ndalama zomwe atipatsa sizingasoketse ngakhale madiresi atatu. Mtsikana wina akuyenera kutuluka ali agogo n'kubwereranso ali namwino mphindi imodzi isanathe. Ndiyambire pati?"

Aphunzitsi, yambirani pa wotchi. Musagule nsalu, musapite kwa telala, musajambule chovala chilichonse. Tengani foni yanu, mukhale pansi anawo akamayeserera, muwerenge masekondi kuyambira pamene mwana watuluka pa siteji mpaka pamene mawu ake otsatira akufunika. Nambala imeneyo ndiyo idzakuuzeni chovala chomwe mwanayo angavale. Ndikuyerekeza kuti mtsikana wanuyo mudzamupezera masekondi 40 kapena kucheperapo, chifukwa pa mphindi imodzi mwatchulayo muyenera kuchotsapo nthawi yoyenda kuchoka pa siteji kukafika posinthira ndi kubwereranso.

Kalata yanu yandikumbutsa mkanjo wina umene sindidzauiwala. Ndinkathandiza sewero pa sukulu ina, ndipo kholo lina lodziwa kusoka linadzipereka kusokera mfumu ya m'seweromo mkanjo. Unali wokongola, sindinama. Nsalu yolemera, kolala youma bwino, ndi timabatani ting'onoting'ono tondondozana kumsana kuchokera m'khosi mpaka m'chiuno, tokoleka m'tizingwe ta nsalu. Aliyense amene anaugwira ankangoti ayi koma zakoma. Vuto linali lakuti mnyamata wovala mkanjowo ankaseweranso mlonda wa pachipata, ndipo mlondayo ndi amene ankathamanga kukaitana mfumu. Mkanjo unafika kutatsala tsiku limodzi, ndiye panalibe amene anauyesa ndi wotchi. Usiku wa sewero mlonda anatuluka, mnzake amene anatsala pa siteji analengeza kuti mfumu ikubwera, ndipo mfumu sinabwere. Analengezanso. Kuseri kwa katani anthu awiri anali kalikiliki ndi timabatani tija mumdima, zala zikunjenjemera, mnyamata thukuta lili kamukamu. Mnzake uja atalengeza kachitatu ana oonerera anayamba kuliza malikhweru, ena kumuyankha kuti mfumu yagona. Pomaliza mfumu inalowa msana uli pamtunda, ikuyenda chammbali ngati nkhanu kuti anthu asaone. Holo yonse inafa ndi phwete pa gawo limene linalembedwa kuti anthu alire.

Chiyambire tsiku limenelo mtima wanga unauma pa nkhaniyi. Chovala cha sewero chimene sichingavalidwe pa nthawi imene chapatsidwa ndi chovala choipa, kaya chinasokedwa mwaluso bwanji. Ndipo ndimakana kwamtuwagalu maganizo akuti munthu aliyense wa m'sewero akhale ndi chovala chake chathunthu kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Maganizo amenewo ndi amene amadya ndalama, ndiponso ndi amene amadya nthawi. Munthu wokhala kumbuyo kwa holo saona mabatani, saona msoko, saona timaluwa ta pansalu. Amaona mtundu wa chovala, kutalika kwake, ndi chimene chili kumutu. Mwana akavala chipewa ndi jekete ya mapewa otambalala, oonerera amadziwa kuti ndi wapolisi asanayankhule n'komwe. Nsapato za wapolisiyo palibe amene adzazifunse.

Ndiye ana onse 9 avale chovala chimodzi cha m'kati chofanana, chomwe sadzachivula mpaka sewero litatha: tisheti yakuda yogwira thupi ndi buluku lakuda lopyapyala, zochokera kunyumba kwawo. Pamwamba pake munthu aliyense wa m'sewero mum'patse chinthu chimodzi kapena ziwiri zomuzindikiritsa, basi. Anthu 17 sakufuna zovala 17, akufuna zipewa, mipango, majekete akale, maepuloni ndi mikanjo yochepa, ndipo zambiri mwa izi zili kale m'masutikesi a makolo. Ndalama zochepa muli nazozo zisungireni lasitiki, zomatira za velikoro, ulusi ndi tochi. Pali chifukwa china chimene ndimaumirira chovala cha m'katichi, ndipo si cha ndalama. Awa ndi ana asukulu, anyamata ndi atsikana, akusinthira pamalo opanikiza pomwe anzawo akudutsadutsa. Sindifuna kuona mwana wa munthu atavula mpaka kutsala ndi zam'kati kuseri kwa katani chifukwa choti wamkulu wina sanaganize bwino. Ndi tisheti ndi buluku zija palibe amene amachita manyazi, ndipo mwana wopanda manyazi amasintha mwachangu.

Pano mundilole ndidandaule pang'ono za nsalu yoyera, poti namwino wanu adzaifuna. Nsalu yoyera mbee ikakumana ndi magetsi owala a pa siteji imathobwa m'maso, nkhope ya mwana n'kuoneka yakuda bii osaonekanso maso. Ngati mungasankhe, tengani yoyera moderako kapena yabuluu wotuwa. Komanso yoyera yopyapyala imaonetsa tisheti yakuda ili m'kati. Muiyese pansi pa magetsi omwe mudzagwiritse ntchito, mutaima kumbuyo kwa holo, osati masana pa tebulo la mu ofesi.

Agogo ndi namwino

Chinsinsi chake n'chakuti kuvula n'kofulumira kuposa kuvala. Choncho mtsikanayo alowe pa siteji ali agogo koma namwino ali kale m'kati. Pamwamba pa tisheti ndi buluku (miyendo yake aipinde mpaka pamwamba pa mawondo) avale diresi la namwino, la mikono yaifupi, lofika m'mawondo, logwira thupi. Pamwamba pake avale za agogo: siketi yaitali yofika m'mapazi ya lasitiki m'chiuno, juzi yaikulu yotsegula kutsogolo, ndi mpango wa kumutu. Chapamwamba chiyenera kukhala chachitali, chachikulu ndi chotseka m'khosi kuposa cha m'kati, apo ayi kolala ya namwino idzasuzumira pakhosi pa agogo ndipo ana oonerera, amene saphonya kanthu, adzaiona. Mwayi wanu ndi wakuti agogo akaoneka onenepa pang'ono palibe cholakwika. Koma musapitirire zovala zitatu zosanjikiza, chifukwa mwana amatenthedwa, amatuluka thukuta, ndipo nsalu yonyowa imamata pathupi n'kukana kuvuka.

Akangotuluka, womuthandiza aime kumbuyo kwake n'kukoka juzi kuchokera m'mapewa, iye atatambasulira manja kumbuyo. Nthawi yomweyo mwini wake, manja akangomasuka, akankhire siketi pansi n'kutulukamo, achotse mpango. Womuthandiza amuveke kachipewa ka namwino kosokeredwa pa chogwirira tsitsi cha pulasitiki, kuti kangokhala kamodzi n'kamodzi popanda mapini, kenako amupatse m'manja fayilo kapena chilichonse chomwe namwino akulowa nacho. Akayeserera bwino zimenezi sizidutsa masekondi 20. Nsapato asasinthe. Nsapato ndi zimene zimachedwetsa kwambiri pa zonse, ndiye avale zakuda zafulati zongolowetsa phazi sewero lonse, siketi ya agogo izizibisa. Ngati mwana wina sangachitire mwina koma kuvala za zingwe, chotsani zingwezo muikemo lasitiki wakuda womangiratu.

Makwinya ojambula ndi pensulo pankhope ya agogo muwaiwale. Safufutika m'masekondi 40, ndipo namwino adzalowa ali ndi nkhope ya nkhalamba. Ukalamba uchokere ku mpango, magalasi opanda magalasi m'kati mwake, ndodo, ndi kayendedwe ka mwanayo.

Povuta ndi pobwerera, ngati agogo akufunikanso pambuyo pake, chifukwa tsopano ndi kuvala. Apa siketi ija muiyale pansi mozungulira, chiuno chake chili chotsegula pakati, kuti mwana angopondamo n'kuikokera m'mwamba. Juzi womuthandiza aigwire m'mapewa itatseguka, mwana alowetse manja onse awiri chakumbuyo nthawi imodzi. Mpango ukhale womangiratu n'kusokedwa mfundo yake, kumbuyo kuli kalasitiki, kuti uzivalidwa ngati chipewa. Zina zonse zikhale pa mpando wa mwanayo, wolembedwa dzina lake, zosanjidwa motsatira mmene azivalire, choyamba kuvala chili pamwamba. Pambali pake pakhale dengu loponyamo zovulidwa, chifukwa chovala chosiyidwa pansi mumdima chimagwetsa munthu wotsatira.

Za mabatani, chitani chimene kholo la mkanjo lija likanachita. Dulani mabatani onse a shati kapena jekete, muwasokere pamwamba pa mabowo ake kuti chovala chizioneka ngati chamangidwa, ndipo kunsi kwake musokere tizidutswa ta velikoro ta masentimita awiri kapena atatu, kamodzi pa batani lililonse. Musaike mzere umodzi wautali. Mzere wautali umauma, umapinda malaya ukamatidwa mokhota, ndipo pomatula umalira mokweza moti a mpando wakutsogolo amamva. Mbali yokakala ya velikoro iyang'ane kunja, kutali ndi khungu, ndipo isayandikire juzi ya ulusi chifukwa imakola n'kuisolola. Pamalo pokokedwa kwambiri monga m'chiuno velikoro amamatuka mwana akawerama, ndiye pamenepo ikani lasitiki kapena mabatani akuluakulu okanikiza. Zipi yaing'ono ndimaiopa, imaluma nsalu pa nthawi yolakwika ndipo ikaluma mulibe masekondi oinyengerera. Mapini ndiye ayi ndithu, amabaya ana. Tayi imangidwe kale, muidule kumbuyo kwa khosi n'kulumikiza ndi lasitiki wobisika pansi pa kolala.

Mukamaliza zonsezi lembani pepala limodzi, maina a ana kumanzere, magawo a sewero pamwamba, ndipo m'bokosi lililonse mulembe chomwe mwana wavala, mbali yomwe akutulukira ndi masekondi omwe ali nawo. Pepalali ndi limene lidzakuonetseni kuti ana atatu akusintha nthawi imodzi pomwe wothandiza ndi mmodzi, kapena kuti mwana akutulukira kumanja pomwe mpando wake uli kumanzere. Kusintha kulikonse kosakwana mphindi imodzi kukhale ndi womuthandiza wake, yemweyo tsiku lililonse, ndipo awiriwo akuyeserere paokha kasanu kapena kupitirira, magetsi atazimitsidwa, ndi katochi kophimbidwa ndi pepala labuluu kuti kuwala kusatulukire pa siteji. Ngati pambuyo pa zonsezi wotchi ikukanabe, musavutitse mwanayo. Pitani kwa amene akutsogolera sewero mukapemphe kuti otsala pa siteji awonjezere mawu pang'ono kapena ayimbe ndime ina ya nyimbo, kapena kuti namwino ayambe kuyankhula ali kuseri kwa katani uku akumuveka kachipewa.