Mu woyenera pa fyuluta ya LMS: yambani mwayeza phokosolo

"Abale ndithandizeni. Ndikupanga pulojekiti ya LMS yochotsa phokoso la jenereta m'mawu a munthu. Ndajambula kuno ku Chitawira magetsi atathima, maikolofoni awiri, 8000 Hz, matapu 64, mu Python. Ndikaika `mu = 0.01` zikutuluka `NaN`. Mnzanga wa ku Poly akuika `mu` yemweyo zikumuyendera, kungoti zikuchedwa. Kodi `mu` woyenera ndi uti?"

Achimwene, `mu` alibe nambala imodzi yoti n'kuibwereka kwa mnzanu. Kukula kwake kumadalira mphamvu ya phokoso lomwe likulowa m'fyuluta yanu ndi kuchuluka kwa matapu. Ndikuganiza kuti inu mukuwerenga fayilo ya `.wav` n'kuigwiritsa ntchito momwe ilili, manambala ake akufika mpaka 32767, pomwe mnzanuyo anawagawa kuti akhale pakati pa -1 ndi 1. Ngati ndi choncho, 0.01 wanu ndi 0.01 wake ndi zinthu ziwiri zosiyana kotheratu.

Tigwirizane kaye pa zilembo. `N` ndi chiwerengero cha matapu, `w` ndi manambala a matapuwo, ndipo `mu` ndi amene amanena kukula kwa kusintha kwa `w` pa sampulo iliyonse. `d` ndi maikolofoni ya pakamwa, yomwe ikumva mawu ndi phokoso pamodzi. `x` ndi ya pafupi ndi jenereta, yomwe iyenera kumva phokoso lokha. Fyuluta imatenga masampulo 64 omaliza a `x`, n'kuyerekeza mmene phokosolo likumvekera likafika pakamwa paja, n'kulichotsa mu `d`. Chotsalacho ndi `e`, ndipo `e` ndiye mawu oyera amene mukufuna. Ambiri amamvetsera `y`, lomwe ndi phokoso loyerekezedwa lija, n'kumadabwa kuti akumva jenereta yokhayokha.

```python
x = x.astype(float) / 32768
d = d.astype(float) / 32768
w = np.zeros(N)
e = np.zeros(len(d))
for n in range(N, len(d)):
    u = x[n-N+1:n+1][::-1]
    e[n] = d[n] - w @ u
    w += mu * e[n] * u
```

Njirayi anaitulukira Bernard Widrow ndi Ted Hoff ku Stanford mu 1960. Mabuku ena, makamaka otsatira kalembedwe ka Widrow, amalemba `2*mu` pa mzere womalizawo. Mukatenga malire m'buku lotere n'kuwaika mu kodi iyi mudzasokonekera ndi theka, ndiye onani kaye mzerewo. Manambala onse m'munsimu ndi a kodi ili pamwambayi.

Malire osavuta kuwerengera ndi awa:

`0 < mu < 2 / (N * Px)`, pomwe `Px = np.mean(x**2)`

Werengerani `Px` mutasintha kale `x` kukhala `float`. Mukachulukitsa manambala a `int16` okhaokha amasefukira mwakachetechete, n'kukupatsani yankho labodza popanda chenjezo.

Tiyerekeze kuti mutagawa, `Px` yatuluka 0.01. Ndi matapu 64, `N * Px` ndi 0.64, malire ndi pafupifupi 3.1. Apa 0.01 ali kutali kwambiri ndi malire, n'chifukwa chake za mnzanu sizikuphulika. Fayilo yomweyo osagawa, `Px` imakhala pafupifupi 10,700,000, ndipo malire amatsika kufika pa 0.0000000029. Mukaika 0.01 pamenepo mwapyola malire koposa ka 3 miliyoni. Chimachitika n'chakuti fyuluta ikafuna kukonza cholakwa imapitirira, cholakwa chotsatira n'kukhala chachikulu kuposa choyamba, n'kupitiriranso mbali inayo. Sindikizani `e[n]` ya masampulo oyambirira muone mmene ikukulira sampulo iliyonse mpaka `inf`, kenako `NaN`. Sekondi siikwana n'komwe.

Koma kusaphulika si kugwira bwino ntchito. Pakati pa 0 ndi 3.1 pali malo ambiri, ndipo kusankha kwenikweni kuli pamenepo. Zinthu ziwiri zimakokerana: kufulumira kwa fyuluta pophunzira, ndi phokoso lomwe imalisiya ikamaliza kuphunzira.

Tiyambe ndi kufulumira. Phokoso likanakhala lija la "shhh" lofanana mphamvu m'mafirikwensi onse, cholakwa chikanatsika ndi 20 dB m'masampulo pafupifupi `4.6 / (2 * mu * Px)`. Ndi `mu = 0.01` amenewo ndi masampulo 23,000, pafupifupi masekondi 3 pa 8000 Hz. Kuchedwa kwa mnzanu kuja n'kumeneku. Ndi `mu = 0.1` ndi masampulo 2,300, pafupifupi masekondi 0.3.

Nanga bwanji osangoika 1 kuti zithamange? Chifukwa `w` sakhazikika pamalo amodzi. Sampulo iliyonse imamukankha pang'ono, ndipo `mu` akakula, kunjenjemerako kumakulanso. Phokoso loonjezera lobwera ndi kunjenjemerako limayezedwa motere, `mu` akakhala wocheperapo:

`M ≈ mu * N * Px / 2`

Apa ndi pomwe ndikufuna mumvetsetse, chifukwa ambiri amangodumphapo. `M` ndi gawo la mphamvu ya zomwe zimatsala mu `e` fyuluta itakhala bwinobwino. Pa ntchito yanuyi, chotsalacho ndi mawu a munthu uja. Fyuluta sidziwa kuti mawuwo ndi amene tikuwafuna, kwa iyo ndi cholakwa basi, ndipo amagwedeza `w` nthawi zonse munthuyo akayankhula. Ndi `mu = 0.1`, `M` ndi 0.032, kutanthauza kuti phokoso lotsalira lili pafupifupi 15 dB pansi pa mawu. Ndi `mu = 0.01`, `M` ndi 0.0032, lomwe ndi 25 dB pansi. Mukaika 1, phokoso lotsalira limayandikira theka la mphamvu ya mawuwo. Khutu limazindikira msanga: munthu akakhala chete kuli zii, akangotsegula pakamwa jenereta imabwerera limodzi ndi mawu ake, ngati ikuyankhula naye. Mukamva zimenezo, tsitsani `mu`. Ine pa manambala awa ndingayambe ndi 0.05, ndimvetsere, kenako ndisunthe pochulukitsa kapena kugawa ndi 2.

Tsono jenereta si phokoso la "shhh". Jenereta zing'onozing'ono zapakhomo zopereka 50 Hz zimazungulira ka 3000 pa mphindi, ndipo injini ya four-stroke ya silinda imodzi imaphulitsa mafuta kamodzi ikazungulira kawiri, ndiye mphamvu zambiri zimaunjikana pa 25 Hz, 50 Hz, 75 Hz n'kumakwera choncho. Mafirikwensi apamwamba, kuphokosera kwa malata ndi kwa fani, ali ndi mphamvu zochepa. LMS imaphunzira chigawo chilichonse pa liwiro lakelake, mogwirizana ndi mphamvu ya chigawocho, yomwe m'mabuku amailemba `λ`. Chigawo champhamvu kwambiri ndicho chimaika malire a `mu`, pomwe chofooka kwambiri ndicho chimanena nthawi yomwe mudikire. Zili ngati kuponya kamwala kozungulira m'bwato: kuchoka m'mbali kufika pansi n'kanthawi kochepa, koma kuyenda m'litali mwa bwato kukafika pakati kumatenga nthawi. Ngati chigawo china chili ndi `λ` yochepa ka 100 poyerekeza ndi `Px`, zomwe tinati masekondi 0.3 zija zimasanduka masekondi 30.

Mudzaziona pa girafu. Jambulani `10*np.log10` ya `e**2` mutaisalaza pa masampulo 400 alionse, pa chigawo chomwe munthu sakuyankhula. Mzere ukagwa msanga poyamba kenako n'kumatsika mokwawa, vuto ndi kusiyana mphamvu kwa zigawozi, ndipo kukweza `mu` kungokufikitsani ku malire musanapeze zomwe mukufuna. Ukatsika bwino koma pansi pake n'kumadumphadumpha, `mu` wakula. Ukangoti ndee osatsika n'komwe pa `mu` aliyense, siyani `mu`, pitani mukaone maikolofoni.

Ndikunena za maikolofoni chifukwa matapu 64 pa 8000 Hz ndi mamilisekondi 8 okha. Phokoso limayenda pafupifupi mamita 343 pa sekondi, ndiye fyuluta yanu ikukumbukira mamita 2.7 basi. Ngati jenereta ili panja pakhonde, wolankhula ali m'chipinda mamita 4 kuchokera pa maikolofoni ya `x`, phokoso lomwe likufika pakamwa panopa fyuluta inaliiwala kale. Kuguguda kobwerezabwereza kwa injini kudzachokabe ndithu, poti kumadzibwereza, koma zina zonse zidzatsala. Chedwetsani `x` ndi masampulo pafupifupi 85, pang'ono pansi pa 93 omwe mamita 4 akufuna, kuti matapu anu agwere pomwe pali phokosolo. Mukasankha kuonjezera matapu m'malo mwake, kumbukirani kuti `N` ali mu malire aja ndi mu `M`: matapu 256 amafuna `mu` wochepa ka 4 kuti phokoso lotsalira likhale chimodzimodzi.

China, mawu asamalowe mu `x`. Chilichonse chopezeka mu `x` fyuluta imachitenga ngati phokoso n'kuyamba kuchichotsa. Widrow ndi anzake anasonyeza mu 1975 kuti ngati mawu mu `x` ali 20 dB pansi pa phokoso, zotuluka sizingayere kuposa 20 dB. Mverani `x` payokha ndi mahedifoni. Mukamamva zomwe munthuyo akunena, isuntheni ifike pafupi ndi jenereta. Maikolofoni onse awiri alowenso pa chojambulira chimodzi. Mafoni awiri osiyana amawerenga nthawi mosiyana pang'ono, ndipo fyuluta imangokhalira kuthamangitsa kusiyanako.

Pa pulojekiti yeniyeni ndikulimbikitsani NLMS, chifukwa `Px` siikhala pamodzi. Wina akayatsa ketulo jenereta imasintha kalilidwe, ndipo phokoso likakula kawiri mphamvu yake imakula ka 4, malire n'kutsika ka 4. NLMS imayeza mphamvuyo pa sampulo iliyonse. Mzere umodzi wokha ndi womwe umasintha:

```python
w += alpha * e[n] * u / (1e-3 + u @ u)
```

`alpha` amakhala pakati pa 0 ndi 2 kaya fayilo ndi yokweza kapena yotsika, ndipo `mu = 0.1` wathu uja akufanana ndi `alpha` wa 0.064. Kanambala ka `1e-3` kakuteteza kugawa ndi ziro jenereta ikazima. NLMS siithetsa vuto la zigawo zosiyana mphamvu lija, imangokuchotserani ntchito yoyeza `Px` ndi manja.

Pojambulanso, musiye masekondi 5 oyambirira munthu asanayankhule. Pamenepo ikani `alpha = 0.5`, poti palibe mawu ogwedeza `w`, fyuluta iphunzire msanga. Mawu akayamba tsitsani kufika pa 0.02. Ndipo musanakhudze n'komwe fayilo ya jenereta, yesani kodi yanu, mutachotsa mizere iwiri yogawa ndi 32768 ija, ndi `x = 0.1 * np.random.randn(40000)` yodutsa m'fyuluta yomwe mwalemba nokha, monga `[0.5, -0.3, 0.1]`, kukhala `d`. Ndi `mu = 0.1`, manambala atatu oyamba a `w` ayenera kufika pa amenewo sekondi imodzi isanathe, ena 61 n'kukhala pafupi ndi ziro. Zikakanika pamenepo, onani `[::-1]` ndi chizindikiro cha `+=`. Zikatheka, tumizani muno `Px` yanu, mtunda wa pakati pa maikolofoni awiriwo ndi girafu ya `e`, tiwerengere limodzi.