Mahandauti analetsedwa, nanga ndalama zikudutsira pati?

"Abale ndifunse nawo. Paja amati lamulo linaletsa kugawa ndalama pa kampeni, nanga bwanji kwathu ku Namwera mashado ankagawa ma K2,000 poyera, ena mpaka shuga ndi zitenje, koma palibe anamangidwa? Kodi pali malire a ndalama zomwe munthu angawononge kuti awine?"

Achemwali, malirewo kulibe. Kuno ku Malawi palibe lamulo lonena kuti shado alekezere apa, olo atawononga K100 miliyoni dera limodzi palibe angamugwire chifukwa cha kuchuluka kwa ndalamazo, ndiye vuto lenileni likuyambira pamenepo, zinazi ndi nthambi chabe.

Lamulo mukunenalo liripodi, ndi lamulo la zipani za ndale la 2018 lomwe linayamba kugwira ntchito mu Disembala chaka chomwecho. Limati shado, chipani kapena aliyense wofuna kupikisana asagawe ndalama, katundu kaya mphatso pofuna kukopa munthu kuti amuvotere, ndipo wopezeka wolakwa atha kulipira chindapusa cha K10 miliyoni komanso kukakhala kundende zaka 5. Pomva ndi lamulo loopsa ndithu. Koma lamulo lomwelo linapatula zinthu zingapo kuti izi si handauti. Zipangizo za kampeni monga zitenje, matisheti ndi zipewa za chipani nzololedwa. Ndalama yobwezera thiransipoti, chakudya ndi zisangalalo pa msonkhano wa chipani nazonso nzololedwa. Chinanso ndi chopereka cha kumpingo kapena kumzikiti chomwe munthu wapereka osalengeza. Nde zitenje mwatchulazo zichotsenipo kaye, ngati zili ndi nkhope ya shado kapena mtundu wa chipani palibe mlandu. Shugayo ndi handauti yeniyeni. Koma ma K2,000 aja ndi pomwe pali mpungwepungwe, chifukwa mukamufunsa wogawayo ayankha kuti ndi thiransipoti basi.

Tiyeni tiwerengetse limodzi, manambalawa ndi ongoyerekeza koma aliyense amene anayendako ndi shado avomereza kuti zimayenda chonchi. Tinene kuti dera limodzi kuno ku Mangochi mwaima anthu awiri, mayi mphunzitsi wopuma pantchito amene akudalira penshoni yake ndi thandizo la achibale a ku Joni, ndi bambo wina amene kumbuyo kwake kuli mwini mabwato a injini komanso kontilakita wina wa mutauni. Asanayambe nkomwe kuyankhula ndi anthu onse alipire kaye ku MEC. Pa chisankho cha pa 16 Sepitembala 2025 bambo wofuna uphungu amalipira K2.5 miliyoni, mayi K1.25 miliyoni, pomwe mu 2019 zinali K500,000 ndi K250,000. Apa mayi uja wachepetseredwa ndi theka, zabwino ndithu, koma onani kutsogoloku.

Kampeni yovomerezeka ndi masiku 60. Bambo uja achite misonkhano 30 yokha, pa msonkhano uliwonse apereke "thiransipoti" ya K2,000 kwa anthu 300, ndiye kuti K600,000 pa msonkhano umodzi, yonse pamodzi K18 miliyoni. Sitinawerengere mafuta a lole yotuta anthu, zimkuzamawu, magule, envulopu ya amfumu ndi nduna zawo, mpunga wa makomiti. Ndipo dera ngati la ku Makanjira kapena Katuli komwe midzi ndi yotalikirana, msewu uja mukuudziwa, mafuta okha amatha kumugwetsa munthu. Mayi uja akafika pamudzi womwewo mawa lake ali pa kabaza ndi mfundo zake zabwino, anthu amvetsera ndithu, koma pomaliza wina afunsa kuti nanga ya sopo, ndipo akapanda kupereka mbiri imamveka yoti ndi woumira. Sikuti anthu athu ndi oipa ayi. Munthu wasiya kumunda kapena kuyanika usipa tsiku lonse, kunyumba kulibe ufa, K2,000 kwa iye ndi chakudya cha ana usiku umenewo.

Kenako tsiku lovota. Ichi anthu ambiri sachiganizira koma nchachikulu zedi, mamonita. Dera likhale ndi malo ovotera 40, shado aike anthu awiri pamalo aliwonse, ndi anthu 80, aliyense K15,000 ya chakudya ndi mayunitsi kuti akhale mpaka kuwerenga kutha usiku, yakwana K1.2 miliyoni tsiku limodzi. Wopanda ndalama amaika mamonita malo ochepa, kapena amawaika koma osawadyetsa nde pofika madzulo ena athawa ndi njala, ena apatsidwa fanta ndi buledi ndi a mbali ina, ndipo posayinira zotsatira palibe maso ake pamenepo. Olo atadandaula kuti andibera, umboni autenga kuti popanda pepala losayinidwa, nanga loya wokasuma kukhoti amulipira ndi chani?

Kafukufuku wina yemwe bungwe la Westminster Foundation for Democracy linatulutsa pambuyo pa chisankho cha 2019 anapeza kuti shado wa uphungu ankawononga pafupifupi K14.8 miliyoni, kuposa malipiro a phungu a chaka chonse nthawi imeneyo, ndipo amene anawina anawononga zochuluka kuposa pamenepo. Imeneyo ndi kwacha ya 2019, isanagwe kangapo konse. Funso loti tizidzifunsa ndi lakuti munthu wawononga ndalama yoposa malipiro ake aibweza bwanji, ndipo amene anamuthandiza akuyembekezera chani.

Apa nde pakubwera mbali yachiwiri ya lamulo lija, yomwe kwa ine ndi yofunika kuposa ya mahandauti ngakhale sitiikamba kawirikawiri. Limati chipani chikalandira thandizo la K1 miliyoni kapena kuposa kuchokera kwa munthu, kapena K2 miliyoni kuchokera ku kampani kaya bungwe, chikanene kwa Mlembi wa zipani za ndale pasanathe masiku 90, kaya ndi ndalama kaya ndi katundu. Koma silinaike malire kuti munthu mmodzi angapereke zingati, atha kupereka biliyoni bola zanenedwa. Ndipo kuzemba kwake nkosavuta. Mwini mabwato uja m'malo mopereka K5 miliyoni ndi dzina lake, apatsa mkazi wake, achimwene ake ndi akapitawo ake aliyense K900,000 kuti akapereke, palibe wafika pa miliyoni. Kapena sapereka ndalama nkomwe, amangoti lole iyi muziyendera, mafuta muzikathira pa filing'i sitesheni yakuti ndilipira ndine, matumba 200 a chimanga akatengeni kugolosale kwanga. Zimenezo lamulo limati ziwerengedwe ngati thandizo, koma amene angazilembe ndi ndani ngati wolandirayo safuna?

Kubweza kwake kumaoneka chisankho chikatha. Nyanja ikatsekedwa mu Novembala ndi Disembala kuti chambo chiswane, khoka la msodzi wamba limalandidwa, koma bwato la bwana likagwidwa pamalira foni yochokera kwa olemekezeka. Ntchito yomanga mlatho kapena buloko ya sukulu ikatuluka mumangoona kontilakita yemwe uja. Malo a m'mphepete mwa nyanja pomwe anthu amakocheza ndi kuyanika nsomba akamakanganirana ndi wofuna kumangapo kotheji, phungu amakhala chete. Inu munavota, koma amene amalowa kunyumba kwa phungu osagogoda ndi amene analipira mafuta. Kukula kwa mphamvu ya ndalama nkumeneko, mavoti athu ndi ofanana pa tsiku limodzi lokha, zaka 5 zotsatira amamveredwa ndi wina.

Mwafunsa kuti bwanji palibe anamangidwa. Chimodzi ndi chakuti lamulo linayamba 2018 koma Mlembi woimayekha wa zipani, a Kizito Tenthani, anasankhidwa mu 2024, kutanthauza kuti chisankho cha 2019 ndi chachibwereza cha pulezidenti cha 2020 zinadutsa ofesiyo isanaime payokha. Anthu anazolowera kuti lamuloli ndi la papepala. China ndi umboni. Kuti mlandu ugwire pafunika kuonetsa kuti chinthucho chinaperekedwa pofuna voti, ndipo mboni yake ndi wolandira yemweyo, amene mawa afuna shado yemweyo amuthandize bokosi ndi galimoto maliro akagwa. Ndani angaime pakhoti kumunenera munthu woteroyo, m'mudzi abwerera bwanji? Komanso ndalama zambiri zimayenda kampeni isanayambe, pa mapulaimale, pomwe nthumwi ndi zochepa ndipo kuzigula nkotchipa. Dera lomwe chipani china chili ndi mphamvu, wowina pulaimale watsala pang'ono kulowa kale mu Nyumba ya Malamulo, ndiye chisankho chenicheni chimachitika pa sukulu ina yake ndi anthu mazana ochepa atagonekedwa ndi kudyetsedwa usiku wathunthu ndi shado mmodzi.

Kusiyanitsa thiransipoti ndi handauti sikovuta mukaonetsetsa. Thiransipoti imapita kwa amene wayendadi ulendo ndipo imalingana ndi mtengo wa kabaza kapena matola. Koma mukaona munthu wa nyumba yoyandikana ndi bwalo akulandira nawo, kapena akulemba mayina ndi manambala a ziphaso zovotera asanapereke, kapena ndalama zikuyenda khomo ndi khomo usiku woti mawa kuvota kampeni itatsekedwa kale, kapena wogawayo akuti musandiiwale pa tsikulo, imeneyo si thiransipotinso. Chimodzimodzi za kumzikiti ndi kutchalitchi, ndipo ichi ndichinena mwaulemu chifukwa kuno kwathu sadaka ndi chinthu chopatulika. Munthu akapereka mwakachetechete lamulo silimukhudza. Koma malata akabwera ndi kamera, dzina likulengezedwa pa Ijumaa kapena pa Sabata, mwezi wa Ramadani shuga akugawidwa m'majumbo okhala ndi nkhope yake, chalowa ndale chimenecho ndipo atsogoleri athu a zipembedzo ali ndi ufulu wonse wokana kulengeza.

Boma nalonso limapereka ndalama ku zipani, koma malamulo oyendetsera dziko pa gawo 40 amati ndi chipani chokhacho chomwe chapeza mavoti oposa gawo limodzi mwa magawo khumi dziko lonse. Nde zikuluzikulu zimawonjezeredwa, chipani chaching'ono ndi woimayekha ngati mayi uja sapeza olo tambala.

Mukaona zoterezi ulendo wina, jambulani kavidiyo koonetsa wogawa, chomwe akugawa ndi mawu akunena, lembani tsiku ndi malo, ndipo dandaulo lipite ku ofesi ya Mlembi wa zipani, kapena mukafunse a NICE pa boma pano kuti akulozereni njira. Mukhale angapo, musakhale nokha, chifukwa mboni imodzi kuiopseza nkosavuta. Ndipo pa misonkhano ija yomwe mashado amakhala pamodzi kuyankha mafunso, wina aimirire afunse aliyense kuti lole mukuyenderayi ndi ya ndani, mafuta akulipira ndani, ndipo kodi mukalowa mudzavomera kuti pakhale malire a ndalama za kampeni ndi malire a zomwe munthu mmodzi angapereke. Osinthawo lamulo ndi aphungu omwewo amene anawina ndi ndalama, ndiye yankho lawo lijambulidwe ndithu kuti mudzawakumbutse akadzabweranso ku Namwera.