Kugawa ngodya pakati ndi kampasi: timauta tako ndiye mboni

*Aphunzitsi, ndili Fomu 4 kuno ku Mabvuku mu Harare ndipo ndilemba mayeso a ZIMSEC, bungwe la mayeso la Zimbabwe, mu Novembala. Pa mayeso oyeserera anatipatsa ngodya ya madigiri 70 kuti tiigawe pakati. Ine ndinayeza ndi pulotirakita, mzere wanga unagwera ndendende pa 35, koma anandipatsa ziro. Ndikayesa ndi kampasi ndimapeza 33 mbali ina, 37 mbali inayo. Nanga cholondola n'chiti pamenepa? Ndithandizeni chonde.*

Mwanawe,

Amene anachonga pepala lako sanakulakwire. Funso la mtundu umenewu limayamba ndi lamulo loti ugwiritse ntchito lula ndi kampasi basi, ndiponso kuti mizere yonse ndi timauta tonse timene wajambula pogwira ntchitoyo tioneke. Wochongayo amayamba wafunafuna timautato. Akapanda kutiona, mzerewo kwa iye ndi mwana wopanda makolo, ngakhale utakhala wolondola chotani. N'chifukwa chake ndimauza ana anga m'kalasi kuti pa funso ili labala azimusiya m'thumba. Atsikana ndi anyamata aukhondo ndi amene amandimvetsa chisoni kwambiri: amagwira ntchito yonse bwinobwino, kenako n'kufufuta timauta kuti pepala lioneke loyera, osadziwa kuti afufuta malikisi awo omwe.

Tsono tenga pepala, tichitire limodzi ndi ngodya yako yomweyo. Jambula ngodya ya madigiri 70 (pano pulotirakita ndi yololedwa, chifukwa tikungokonza poyambira). Pamene mizere iwiriyo yakumana ulembepo B, kumapeto kwa mzere wina A, kwa winawo C. Mizereyo ikhale yaitali masentimita 9 kapena 10, kuti usapanikizike.

Tsegula kampasi masentimita 5. Baya singano yake pa B penipeni, osati pambali pake, ndipo zunguza pensulo kuti ujambule kauta kamodzi kodula mizere yonse iwiri. Pamene kadula BA ulembe P, pamene kadula BC ulembe Q. Kampasi isasinthe. Inyamule, baya singano pa P, ujambule kauta kena m'kati mwa ngodyamo, cha uko ukuganiza kuti mzere wapakati udzera. Inyamulenso, baya pa Q, ujambule kachitatu kodutsana ndi kachiwiri kaja. Podutsanapo ndi pa R. Goneka lula kuchokera pa B kudzera pa R, ulembe mzere, ndipo uupitirize pang'ono kupyola R. Watha. Ngati dzanja lako silinagwedezeke, kuchokera pa B kufika pa R upeza pafupifupi masentimita 8.2, ndipo pulotirakita ikuuza 35 uku ndi 35 uko.

Uone kuti lula sanayeze kalikonse pa ntchito yeniyeniyo. Masentimita 5 ndakupatsa kuti tiyendere limodzi basi. Ukanatsegula kampasi mongoyerekeza ndi maso, zikanathekabe. Ntchito ya lula pano ndi kuwongola mzere, ngakhale kathabwa kowongoka kopanda manambala kangaigwire.

Ana ambiri amaloweza njirayi ngati nyimbo ya kusande sukulu, koma ine ndikufuna udziwe chifukwa chake imagwira, popeza m'menemo ndi mmene muli yankho la 33 ndi 37 wako uja. Lumikiza P ndi R, komanso Q ndi R, ndi timizere tosaonekera kwambiri. Tsopano uli ndi matirayango awiri, BPR ndi BQR. BP ndi BQ n'zofanana kutalika, chifukwa zonse zachokera pa kauta koyamba kamodzi. PR ndi QR n'zofanana, chifukwa unazijambula kampasi ili chitsegukire chimodzimodzi. BR ndi ya onse awiri, ngati khoma la pakati pa nyumba zophatikizana zija za kwanuko. Matirayango amene mbali zawo zitatu zikufanana amakhala ofanana pa zonse, ndi ngodya zawo zomwe. Ndiye ngodya ya PBR iyenera kufanana ndi ya QBR, ifune isafune.

Umboni wonsewo watsamira pa mawu oti "n'zofanana". PR ikangosiyana ndi QR, nkhani yatha. Ndawerengera ndi manambala ako: ngati kuchokera pa P unajambula kampasi ili pa masentimita 5, koma pofika pa Q n'kukhala itatseguka yokha mpaka 5.3, R amasunthira kumbali ya P pafupifupi mamilimita 3, ndipo mzere wako umapatuka pafupifupi madigiri awiri. Zotsatira zake ndi 33 ndi 37. Ndiye ndikukayikira kwambiri kampasi yakoyo kusiyana ndi mutu wako.

Iyese motere. Jambula kauta kamodzi, nyamula kampasi, uiike pansi, uitolenso, ubaye pabowo lomwe lija n'kujambulanso. Ukaona mizere iwiri m'malo mwa umodzi, kampasiyo ndi yolobodoka. Makampasi a m'timabokosi totchipa timene timagula m'misika ndi m'mbali mwa misewu m'tauni amakhala ndi matenda amenewa kawirikawiri. Pamwamba pamene miyendo iwiri yalumikizana pali kasikuluwu. Kamange ndi nsonga ya mpeni mpaka miyendoyo izilimba poitsegula. Kasikuluwu kachiwiri ndi kogwira pensulo, nakonso kalimbe. Pensuloyo ikhale yaifupi, kachidutswa kotsala kaja kamene anzako amataya, chifukwa yaitali imagunda zala pozunguza n'kukankha mwendo. Uisongole bwino, ndipo ukatseka kampasi nsonga ya pensulo ifanane msinkhu ndi nsonga ya singano. Pensulo yobuntha imalemba mzere wonenepa pafupifupi milimita yathunthu, ndiye P weniweni ali pati pa mzere woterowo? Pozunguza, gwira kamutu ka pamwamba ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala. Ukagwira miyendo, ndiwe wemwe amene ukuitsegula.

Chinanso ndi desiki. Ndinaonapo mtsikana wina m'kalasi mwanga akulimbana ndi pepala limodzi pa desiki lokumbikakumbika, singano ikuterereka, bowo la pa B likukula mpaka kulowa njere ya mapira. Ika mapepala angapo pansi pake kuti singano ipeze pogwira.

Tsopano funso limene ukanayenera kundifunsa: kodi kampasi iyenera kukhala pa masentimita 5 kuyambira poyamba mpaka pomaliza? Ayi. Bwerera ku umboni uja. Ukufuna BP ifanane ndi BQ, ndipo PR ifanane ndi QR. Palibe pamene tanena kuti PR ifanane ndi BP. Choncho ukamaliza kauta koyamba uli ndi ufulu wosintha kampasi. Pamene sungaisinthe ndi pakati pa P ndi Q. Malire ake ndi amodzi: itseguke kupitirira theka la mtunda wa P ndi Q. Pa ngodya yathuyi PQ ndi pafupifupi masentimita 5.7, ndiye ukaitsegula osafika 2.9, timauta tiwirito tingoyang'anizana osakumana.

Ufulu umenewu umapulumutsa pa ngodya zotambalala. Yesa ya madigiri 140, kauta koyamba pa masentimita 5 momwemo. P ndi Q atalikirana masentimita 9.4. Ukasiya kampasi pa 5, timauta tikumanabe, koma mogonerana, ngati misewu iwiri yolowana pang'onopang'ono, moti malo enieni odutsanapo savuta kuwaphonya. Kuwonjezera apo, R agwera pafupi ndi B, masentimita 3.4 okha. Pa kamtunda kotero, lula akaphonya ndi milimita imodzi chabe, mzere wapatuka ndi madigiri oposa limodzi ndi theka. Koma tsegula kampasi mpaka masentimita 8 usanabaye pa P ndi pa Q: timauta tidutsana moonekera bwino, R apita kutali masentimita 8.2, ndipo milimita yomwe ija singakwanenso digiri imodzi. Ine ndimakonda timauta tikulutikulu pa ngodya iliyonse, malinga pepala likulola. Timauta tating'ono tothithikana pafupi ndi B timaoneka taudongo, koma timanama msanga.

Pa pepala la mayeso ntchitoyi siibwera yokha nthawi zambiri, imabisala m'mafunso ena. Akakuuza kuti upange ngodya ya madigiri 45 popanda pulotirakita, upanga ya 90 n'kuigawa. Ya 30 ndi theka la 60, ya 15 ndi theka la 30, ndipo ya 75 ili pakati pa 60 ndi 90. Pobisala pena ndi pa mafunso a lokasi. Akanena kuti ujambule njira ya malo onse amene ali pa mtunda wofanana kuchokera ku mizere iwiri, AB ndi BC, akutanthauza mzere wathu womwewu wa BR; chilembo chimene chili m'maina onse awiri ndiye pobaya singano poyamba. Chenjera, pamenepa ana amagwa chaka ndi chaka: akanena mtunda wofanana kuchokera ku madontho awiri, A ndi B, imeneyo ndi ntchito ina, yodula mzere wa AB pakati mopingasa. Werenga funso kawiri, uone ngati akukamba za mizere kapena za madontho.

Wina m'kalasi sachedwa kufunsa ngati tingagawenso ngodya patatu mwa njira yomweyi. Ngodya zina monga ya 90 zimatheka, koma njira yogwira pa ngodya iliyonse ndi lula ndi kampasi palibe. Anthu anavutika nazo zaka mazanamazana mpaka Mfalansa wina, Pierre Wantzel, anatsimikizira mu 1837 kuti n'zosatheka. Ngakhale ya 60 singagawike kukhala ma 20 atatu. Ndiye usataye nazo tulo.

Pulotirakita yako usaitaye. Ukamaliza kugawa, yeza mbali zonse ziwiri. Zikasiyana kupitirira digiri imodzi, usakankhire mzere pamene ukufuna kuti ukhale, chifukwa mzere wosadzera podutsana timauta umaonekeratu kuti wabedwa. Fufuta timauta ta pa P ndi pa Q tokha, umange kampasi, ujambulenso.

Sabata ino jambula tirayango imodzi yaikulu, ya mbali za masentimita 10, 12 ndi 14, ugawe ngodya zake zonse zitatu. Mizere itatuyo iyenera kukumana pa dontho limodzi m'kati mwake. Ikasiya katirayango kakang'ono pakati, umodzi mwa mizereyo wapatuka, ndipo pulotirakita ikuuza kuti ndi uti. Unditumizire pepalalo mmene lilili, ndi timauta take tonse.

Ndine mphunzitsi wako wa masamu.