Atatu kuphatikiza anayi akabala asanu

"Aphunzitsi akuti munthu akayenda makilomita 3 kum'mawa, kenako 4 kumpoto, yankho ndi 5. Ine ndikupeza 7. Ndikulakwitsa pati?"

Simunalakwitse kuphatikiza, mwangoyankha funso lina. Miyendo yayendadi makilomita 7, ndipo mtunda umenewu ndi sikela, kutanthauza chinthu chomwe nambala yokha imakwanira kuchifotokoza, monga nthawi kapena kutentha. Koma aphunzitsi anu akufunsa kuti munthuyo watalikira bwanji kuchokera pomwe ananyamukira, komanso ali mbali iti. Chinthu chokhala ndi kukula komanso kolowera chimatchedwa vekitala.

Tengani pepala. Jambulani muvi wa masentimita 3 woloza kumanja, ndipo pansonga pake yambitsani wina wa masentimita 4 woloza m'mwamba. Tsopano lumikizani poyambira penipeni ndi nsonga yomaliza, muyeze ndi rula. Mupeza 5. Chonde jambulanidi, chifukwa dzanja likaziona, mutu suvutikanso. Mivi iwiriyo yakumana pa ngodya ya madigiri 90, choncho lamulo la Pitagorasi likugwira ntchito: 3² + 4² = 25, ndipo √25 = 5. Yankho lathunthu ndi makilomita 5, cha pa madigiri 53 kuchoka kum'mawa kupendekera kumpoto. Akanayenda maulendo onsewo kum'mawa, 7 wanu akanakhala wolondola. Akanabwerera kumadzulo, likanakhala kilomita imodzi. Ndiye mukaphatikiza 3 ndi 4 n'kupeza nambala yoposa 7 kapena yochepera 1, dziwani kuti penapake paphonyeka.

Kugawa vekitala ndi ulendo womwewu chobwerera. Tinene kuti mukukoka bokosi ndi chingwe chopendekera m'mwamba madigiri 30, ndi mphamvu ya manyutoni 50. Si mphamvu yonse imene ikuyendetsa bokosilo kutsogolo. Gawo lopita kutsogolo ndi 50 × cos 30° = 43.3, pomwe lonyamulira m'mwamba ndi 50 × sin 30° = 25. Manyutoni 25 amenewa sakutayika chabe: akupeputsa bokosi, n'kuchepetsa kukhulana kwake ndi pansi.

Mwina mwaona kale kuti 43.3 ndi 25 akupanga 68.3, osati 50. Ndi nkhani ya 7 ija yabweranso. Yesani njira yoyenera: 43.3² + 25² ikufika pafupifupi 2500, yemwe ndi 50 × 50.

Ophunzira ambiri amasokoneza cos ndi sin. Gawo logundana ndi ngodya imene mwapatsidwa ndilo limatenga cos. Mukakayika, yang'anani chithunzi chanu: chingwe cha madigiri 30 chagona kwambiri, ndiye gawo lakutsogolo liyenera kukula kuposa lam'mwamba. Ndipo kakyuleta ikakupatsani 0.154 pa cos 30 m'malo mwa 0.866, ili pa RAD. Isinthireni pa DEG, muyambirenso.