Sitopu yotsatira ndi kutapako phindu: yankho kwa wowerenga wa ku Zomba

Kalata imene ndalandira sabata ino ikuti:

"Achimwene, ndimachita foleksi pa MetaTrader 4, makamaka EUR/USD. Kawiri mwezi uno mtengo unakwera mapipi oposa 40 kumbali yanga, ine n'kumadikira kuti upitirire, kenako unabwerera mpaka kundidyera ndalama. Ndiye ndinayesa Trailing Stop, ndinaika 50, koma ikumanditulutsa nditangopeza timakobidi tochepa, mtengo n'kupitirira ulendo popanda ine. Anzanga akuti ndizitseka theka n'kusuntha sitopu kufika pamene ndinalowera. Chabwino n'chiti?"

Tiyambe ndi 50 wanuyo, achimwene, chifukwa ndikukayikira kuti vuto loyamba lagona pamenepo. Bokosi la Trailing Stop, sitopu yotsatira mtengo ija, siliwerenga mapipi, limawerenga mapointi. Ngati buloka wanu amaonetsa mtengo ndi manambala asanu pambuyo pa kadontho, monga 1.08503, ndiye kuti mapointi 10 ndiwo pipi imodzi. Choncho 50 amene munalembayo ndi mapipi 5 okha. EUR/USD imatha kugwedezeka mapipi 5 inu mukadali kuthira shuga mu tiyi. Sikuti msika unakusakani, chingwe chimene munamangira mbuzi chinali chachifupi kwambiri. Mukafuna mapipi 35, dinani kumanja pa tiredi yanu, sankhani Trailing Stop, kenako Custom, n'kulemba 350.

Pali chinanso chokhudza batani limeneli chimene ambiri timachidziwa titapsa kale. Stop Loss ndi Take Profit zimakhala pa seva ya buloka, ndiye zimagwira ntchito ngakhale mutazimitsa kompyuta. Trailing Stop ayi. Imakhala m'pulogalamu ya pa kompyuta yanu, ndipo pulogalamuyo ndi imene imatumiza uthenga wosuntha sitopu mtengo ukamayenda. Ine ndinaphunzira izi tsiku lina madzulo magetsi atathima. Batire la laputopu yanga linali lotopa kale, silinathe ndi mphindi makumi awiri zomwe. Ndinakagona mtima uli m'malo poganiza kuti sitopu ikutsatira, koma m'mawa ndinapeza kuti mtengo unakwera bwino usiku n'kubwerera, sitopu ili pomwe inali pamene sikirini inkazima. Sitopu yomaliza imatsala ndithu, simukhala pambalambanda, koma siyendanso. Bandulo ikatha zimakhalanso chimodzimodzi. Ndipo pa apu ya MetaTrader ya pafoni batani limeneli mulibe. Ena amalipira kompyuta yobwereka yosazima, ija amati VPS. Ine ndinangosankha kumasuntha sitopu ndi dzanja kandulo ya ola limodzi ikatseka, ndipo ndinaona kuti njira imeneyi ndi yabwinopo, chifukwa ndimatsatira zimene tchati chikuonetsa m'malo motsatira nambala imene ndinangoiganiza.

Nanga mtunda woyenera ndi wotani? Mtengo suyenda ngati muvi. Umakwera, n'kubwerera pang'ono, n'kukweranso, ndipo sitopu iyenera kukhala kunja kwa kubwerera kwa masiku onseku. Chida chimene chimayeza zimenezi ndi ATR, chimene J. Welles Wilder anachitulutsa mu 1978. Chimakuuzani kuti makandulo aposachedwa, nthawi zambiri 14, akhala akutambalala mapipi angati pa avereji. Njira ina yodziwika, ya Chuck LeBeau, imati tengani nsonga yapamwamba imene mtengo wafika, muchotsepo ATR katatu, pamenepo ndi pa sitopu. Nsonga ikakwera, sitopu imakwera nayo. Mtengo ukatsika, sitopu siitsika. Lamulo lomalizali ndi limene limavuta, chifukwa dzanja limayabwa kuti muisunthireko pansi pang'ono "kuti ipume". Musatero.

Tiyerekeze ndi manambala, kuti funso la theka lija tilione bwino. Mwagula EUR/USD maloti 0.04 pa 1.0850, sitopu pa 1.0820. Pa loti 0.01 pipi imodzi ndi masenti 10 a dola, ndiye kwa inu pipi iliyonse ndi masenti 40. Sitopu ili mapipi 30 pansi, kutanthauza kuti mwaika pachiswe madola 12. Tinene kuti ATR pa tchati cha ola limodzi ikuonetsa mapipi 12, kuchulukitsa katatu ndi 36.

Mtengo wakwera kufika pa 1.0880. Mwatseka theka, maloti 0.02, ndipo madola 6 alowa m'thumba. Apa imani kaye muone chinthu chimene anzanu aja mwina sanachiwerengere. Theka lotsalalo, ngakhale mutasiya sitopu pa 1.0820 pomwe inali, lingakudyereni madola 6 okha. Madola 6 olowa, madola 6 otuluka, palibe chimene mwataya kupatula ndalama ya buloka. Ndiye kuti kutseka theka kwakutetezani kale. Kukokeranso sitopu pa 1.0850 pomwe munalowera n'kudziteteza kawiri pa chinthu chimodzi, ndipo chitetezo chachiwiricho chili ndi mtengo wake. Malo amene munalowera msika suwadziwa, ndi ofunika kwa inu nokha. Komanso mtengo ukaboola mpanda, malo amene wakhala ukulephera kudutsa, umakonda kubwerera kudzaugunda usanapitirire, ndipo nthawi zambiri mpandawo ndi pomwe inu munalowera.

M'chitsanzo chathu, nsonga ndi 1.0880, kuchotsa 36 sitopu ikhala pa 1.0844. Mtengo wabwerera kufika pa 1.0849. Amene anaika sitopu pa 1.0850 watuluka ndi madola ake 6, akuonerera ali panja. Amene anaika yotsatira ya mapipi 15 anatuluka kale pa 1.0865, ndi madola 9 onse pamodzi. Inu mukadali mkati ndi mapipi 5 okha otsala, mtima ukugunda, koma muli mkati. Mtengo watembenuka, wafika pa 1.0920, sitopu mwaikweza pa 1.0884. Wafika pa 1.0965, sitopu pa 1.0929. Kenako wafooka, watsika n'kukutulutsani pa 1.0929. Theka lachiwiri lapeza mapipi 79, pa masenti 20 pipi iliyonse ndi madola 15.80. Kuphatikiza ndi 6 aja, madola 21.80.

Onani kuti pakati pa 1.0965 ndi 1.0929 mwabweza mapipi 36. Izi sizolakwika, ndi mmene sitopu yotsatira imagwirira ntchito. Siidzakutulutsani pa nsonga ngakhale tsiku limodzi. Ngati kubweza mapipi 36 kukupwetekani mtima kwambiri moti simungapirire, ndiye kuti njira imene ikukuyenerani ndi Take Profit yokhazikika, osati yotsatira.

Tsopano mbali imene anthu okonda kutapako phindu sainena. Mukadapanda kutseka theka, maloti 0.04 onse akadapeza mapipi 79, omwe ndi madola 31.60. Kutapako kwakudyerani madola 9.80. Ndipo ganizirani izi: tiredi ikalakwika kuyambira pachiyambi, mumaluza ndi katundu yense, madola 12 athunthu. Ikayenda bwino kwambiri, mumapambana ndi theka la katundu. Mumasenza thumba lonse popita kukagwa, koma popita kukakolola mwatenga kathumba kakang'ono.

Komabe tisaweruze mbali imodzi. Tiyerekeze kuti mtengo utafika pa 1.0880 unatembenukiratu n'kugunda 1.0844. Wotseka theka ali ndi madola 6 kuchotsa 1.20, watsala ndi 4.80. Wosatseka waluza 2.40. Apa kutapako kwathandiza ndi madola 7.20. Choncho funso lenileni si lakuti njira yabwino ndi iti kwa anthu onse, koma lakuti matiredi anu, mwa amene amafika pa mapipi 30, ambiri amatha bwanji.

Yankho lake lili m'mbiri ya akaunti yanu, ndipo mukhoza kulipeza Loweruka msika utatseka. Tengani kope. Bwererani pa matiredi anu akale, osachepera 30 ngati alipo, musankhe okhawo amene anafika pa phindu lofanana ndi mtunda wa sitopu yawo. Pa iliyonse, yendani pa tchati kandulo ndi kandulo ngati kuti mukutsatira ndi ATR katatu, mulembe pamene mukadatulukira. Kenako pezani avereji. Ngati sitopu zanu zimakhala za mapipi 30, ndipo avereji yatuluka yoposa 30, kutseka theka kukukudyerani ndalama. Ikatuluka yochepera 30, kutseka theka kukukupulumutsani, ndipo mwina muyenera kudzifunsa ngati si bwino kungotseka zonse pamenepo. Ntchitoyi ndi yotopetsa, imatha masana onse, koma imaposa malangizo a pa gulu lililonse la WhatsApp, kuphatikizapo angawa.

Ine ndinapeza kuti kutapako kumandichotsera kangachepe, koma ndimachitabe. Chifukwa chake si masamu. Ndikakhala ndi katundu yense mtengo n'kuyamba kubwerera ngati pa 1.0849 paja, ndimatseka ndi mantha sitopu isanagundidwe n'komwe. Ndikatapako theka, ndimatha kukhala pansi n'kudikira. Ndalama imene ndimatayayo ndi malipiro oti ndithe kutsatira dongosolo langa. Kwa inu amene mwaona phindu likusanduka luzi kawiri m'mwezi umodzi, ndikuona kuti mungayambire pomwepa: tsekani theka phindu likafanana ndi zimene munaika pachiswe, sitopu ya theka lotsalalo muziikweza potsatira ATR, osati kuithamangitsira pamene munalowera.

Kachitidwe kake pa MetaTrader 4 n'kosavuta. Dinani kawiri pa tiredi, pa Volume musinthe 0.04 kukhala 0.02, kenako dinani batani la Close. Chotsalacho chimapatsidwa nambala yatsopano, ndiye yang'anani kuti sitopu yake ili pamene mukufuna. Dziwaninso kuti kwa mabuloka ambiri 0.01 ndiye loti yochepetsetsa, ndipo siigawika. Ngati akaunti yanu imangolola 0.01, musalowe ndi 0.02 pongofuna kuti mukhale ndi chogawa, chifukwa pamenepo mwawirikiza zimene mungaluze.

Chomaliza ndi nthawi. Tsiku la foleksi limatha 5 koloko madzulo ku New York, yomwe kuno ndi 11 koloko usiku kuyambira m'Malichi mpaka kumayambiriro kwa Novembala, ndi 12 koloko usiku miyezi inayo. Pa nthawi imeneyi sipuledi, kusiyana kwa mtengo wogulira wa Ask ndi wogulitsira wa Bid, imatambasuka. Izi zimapweteka kwambiri amene wagulitsa, chifukwa tiredi yogulitsa imatsekedwa pa mtengo wa Ask pomwe tchati chimajambula wa Bid. Mumadzuka m'mawa sitopu yagundidwa, pa tchati kandulo sinafikepo. Yatsani mzere wa Ask pa tchati kuti muziuona, ndipo ngati mukugona ndi tiredi yogulitsa, onjezani mapipi angapo pamwamba pa mtunda wa ATR uja pamene mukuika sitopuyo. Lachisanu usiku ndi nkhani ina: msika ukatsegula Lamlungu usiku ukhoza kudumpha sitopu yanu, ndipo buloka adzakutsekerani pa mtengo woyamba umene ulipo, osati umene munalemba. Ine ngati theka lotsala lili pafupi ndi sitopu yake Lachisanu cha m'ma 9 koloko usiku, ndimalitseka ndekha.